Amene Sangathe Asadandaule

Ine ndili ndi vuto limodzi lomwe abale anga onse amalidziwa: ndimadana ndi kupempha. Mchere ukatha m'nyumba, ndimalolera kudya ndiwo zosakolera kusiyana ndi kukaima pakhomo pa mnzanga kambale kali m'manja. Ndiye chaka chomwe mng'ono wanga ankamanga ukwati woyera ku Mua, komiti itandisankha kuti ndilembe kalata yopempha abale ndi abwenzi kuti atithandize, ndinaona ngati andipatsa chilango. Mlandu wanga unali woti ndine mphunzitsi. Kwathu kuno ukangokhala mphunzitsi, chilichonse chofuna cholembera ndi chako, mpaka dzina la pamtanda wa kumanda.

Tinabadwa awiri, ine ndi mng'ono wangayo. Bambo anabwerera kwawo ukwati utatha ife tili aang'ono, ndipo amayi anamwalira ine ndili Fomu 2. Amene anatitola ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, a ku Golomoti. Fizi yanga inachokera m'thonje lawo, ndipo pamene sikimu ya mpunga ya Bwanje inatsegulidwa n'kupatsidwa puloti, mng'ono wanga anamaliza sukulu ndi mpunga wa pamenepo. Iwo ndiwo anali mwini mbumba yathu, komanso nkhoswe wa mng'ono wanga. Pa chinkhoswe ndi iwo amene analandira akuchimuna, ndipo tsiku la ukwati ndi iwo amene anayenera kukaima kumbuyo kwa mkwatibwi m'tchalitchi. Popanda iwo panalibe ukwati woti munthu n'kuutchula kuti ukwati.

Koma chaka chimenecho amalume zinali zitawavuta. Akazi awo, omwe ife timawaitana azakhali, anadwala miyezi ingapo mpaka kugonekedwa m'chipatala. Mbuzi zinapita, njinga inapita, ndipo dzinja litafika amalume anabwereketsa puloti yawo kwa munthu wina wa bizinesi kuti alimepo chaka chimenecho. Tonse tinkadziwa. Panalibe amene ankanena.

Komiti inkakumana pakhomo panga Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa, pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, chakufupi ndi Mtakataka. Wapampando anali mkulu wake wa mkwati, bambo wogulitsa zipangizo za njinga ku Salima. Anali munthu wabwino ndithu, kungoti ankafuna chilichonse chiongoke ngati sipoko. Tsiku lina m'mwezi wa Epulo anatulutsa m'thumba la jekete kakhadi kolimba, ka maluwa m'mbali, komwe analandira pa ukwati wina wa m'tauni. Kanali ka Chingerezi. M'munsi mwake munali mizere yonena kuti banja lipereke ndalama zosachepera zakuti, wosakwatira zakuti, ndipo tsiku lomaliza kupereka ndi lakuti.

"Zamakono ndi izi, aphunzitsi," anatero. "Mungotembenuza m'Chichewa basi. Munthu akaona nambala sazemba."

Ine magazi anawira. "Khadi? Abambo, anthu athu angopuma kumene ku makhadi. Dzana lomweli amayi anzathu ankawabweza pachipata cha msika wa pa Mtakataka pano, tomato ali pamutu, chifukwa chosowa khadi ya chipani. Lero tiwatumizire khadi ya mtengo wake, ndi tsiku lomaliza? Adzatifunsa ngati pakhomo la tchalitchi padzakhalenso oona makhadi."

Anthu anaseka, iyenso anaseka, ndipo kakhadi kaja kanabwerera m'jekete. Tinagwirizana zoti akuchimuna alembere anthu awo mmene akuwadziwira, ife akuchikazi tilembere athu.

"Koma mpunga upezeke," anatero wapampando poimirira. "Mawu okoma sitidzaphika."

Kalata imeneyo inandidyera masabata awiri. Ndinkalemba kumapeto kwa kope lokonzera maphunziro, nthawi ya buleki, ana ali panja. Ndinali ndisanadziwe kuti mawu a Chichewa, omwe pakamwa amaterereka bwinobwino, akangogona papepala amatuluka minga. Ndinayamba ndi kunena kuti tikusonkha. Ndi mawu abwino amenewo, koma olembedwa ankanunkha msonkho wa boma. Ndinayesa thandizo, ndipo kalata inamveka ngati madzi osefukira atikokololera nyumba. Chopereka ndi cha m'mbale ya kutchalitchi. Pena ndinapezeka nditalemba kuti "tikuyembekeza kumva kuchokera kwa inu", n'kuona kuti amalankhula choncho ndi munthu amene wakhala pakhonde pako kudikira zake. Ndinafufuta mpaka pepala kubooka.

Zina ndinazipeza bwino, ndipo mpaka lero anthu akandifunsa ndimawauza zomwezo. Sindinatchule nambala ya ndalama ayi. Ndinatchula zinthu: ufa, mpunga, nyemba, nkhuku, nkhuni, ngakhale manja odzaphika, kuti wopanda ndalama aone kuti malo ake alipo. Tsiku lomaliza sindinaikepo, ndinangonena kuti tidzayamba kugula zofunika kumayambiriro kwa Ogasiti, wanzeru amva yekha. Nkhani yabwino ndinaiika patsogolo, pempho pambuyo. Pomaliza kalata inati:

"Ndi chimwemwe tikukudziwitsani kuti mng'ono wanga adzamanga ukwati woyera ku Mua kumapeto kwa Ogasiti. Modzichepetsa tikukupemphani kuti ngati mtima wanu wakhudzidwa, mutigwire mkono ndi chilichonse chomwe mungakwanitse, kaya ndalama, ufa, mpunga, nyemba, nkhuku, nkhuni kapena manja anu. Tidzayamba kugula zofunika kumayambiriro kwa mweziwo. Sitikukakamiza aliyense."

Nditawerenga ndinaganiza za amalume. Ndinawaona m'maganizo mwanga atakhala pakhonde, kalata ili pabondo, akuyang'ana khola lopanda mbuzi. Mtima unandiwawa. Ndinatenga cholembera n'kuonjezera mzere umodzi pansi, ndipo ndikunena zoona, ndinaulemba ndi chikondi chokhachokha: "Amene sangathe asadandaule, ife tikumvetsa."

Ndinaukonda mzere umenewo. Ndinauwerenga katatu, n'kudziuza kuti pasukulu yonse palibe mphunzitsi wina angalembe mawu ofewa chonchi.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Salima kukataipitsa. Mayi wa pamakina anandilangiza kuti pamwamba tilembe "Okondedwa Bambo/Mayi" kenako madontho, kuti pepala limodzi likwanire aliyense, ine ndizingolemba dzina pamadonthopo. Ndinaona kuti ndi nzeru. Tinapanga mafotokope, ndinagula maenvulopu, ndipo Lamulungu masana ndinakhala pamkeka n'kudzaza mayina mmodzimmodzi mpaka dzanja kuuma. Ena ndinawapatsa pamanja pabwalo la tchalitchi, ena ndinatumiza ndi makondakitala odziwana nawo. Ya amalume ndinapatsira mayi wina wa mu mphakati wathu amene ankakagulitsa usipa ku msika wa ku Golomoti.

Abwenzi anayankha mosangalatsa. Aphunzitsi anzanga anasonkherana okha, amayi a kwaya ya mng'ono wanga analonjeza kudzaphika, ndipo mwini golosale wina wachisilamu wa pa Mtakataka, yemwe ana ake ndinawaphunzitsa, anandiimitsa pamsewu n'kunena kuti mafuta ophikira ndisadandaule nawo. "Kalata yanu ndi yaulemu, aphunzitsi," anatero. Ndinayenda ndikumwetulira ndekha mpaka kunyumba.

Abale ndiwo anangoti zii. Amayi aang'ono a ku Mua anatumiza kambale ka nyemba, konga komwe munthu amapatsa mlendo wodutsa. Ena sanayankhe n'komwe. Ndinayamba kuwanyoza mumtima kuti abale ndi anthu ouma manja.

Patatha sabata ziwiri, mayi wa usipa uja anafika pakhomo panga m'mawa ndisanapite kusukulu. Anakana kukhala pansi. Anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa envulopu yopindidwa kanayi.

"Akuti ndikubwezereni. Akuti kalatayi yasochera, pakhomo pawo palibe munthu ameneyu."

"Anena choncho amalume?"

"Eya. Akutinso ngati kutchalitchi akufuna dzina la nkhoswe, mufunefune mwa anthu amene angathe."

Mng'ono wanga ankakhala nane masiku amenewo, ndipo anamva zonse ali m'khitchini. Anatuluka ndi chikombe m'manja n'kungoima. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangofunsa motsitsa kuti, "Achemwali, ndiye kumbuyo kwanga kudzaima ndani?" Kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Tsiku limenelo ana a Sitandade 6 anaona zakuda popanda chifukwa. Ndinali wokwiya, ndipo ndinkakwiyira amalume. Ine ndataya masabata awiri kusalaza mawu kuti asawabaye, iwo n'kubweza kalata ngati ndawatukwana! Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Golomoti, mawu oti ndikawauze nditawakonza kale, ndipo sanali ofewa.

Ndinawapeza pakhonde akusoka dengu lakale. Azakhali anali pamphasa chapatali, atafunda nsalu ngakhale dzuwa linali litakwera, koma nkhope inali itayamba kubwerera. Masiku onse ndikafika pakhomo limenelo amalume ankakuwa ndili kutali, "Iwe, wabweretsa chiyani?" ndipo ndinkangodzigwetsa pamphasa pambali pa azakhali. Tsiku limenelo anaimirira, kulowa m'nyumba, n'kutulutsa mpando wa ndalema womwe ankasungira alendo. Anaupukuta ndi chipewa.

"Khalani apa, aphunzitsi. Mwayenda bwanji?"

Aphunzitsi. Inu. Munthu amene anandisenza pamsana kuwoloka nane madzi a dzinja kupita kusukulu. Mawu onse ndinakonza m'minibasi aja anathawa, ndipo ndinakhala pampandopo ngati wobwera kudzagula nkhuku.

Tinapatsana moni wonse mpaka kutha, za kusukulu, za mvula, za thupi la azakhali. Kenako ndinatulutsa envulopu ija n'kuiika pabondo.

"Amalume, kalatayi ndi yanu. Dzina lanu ili apa."

"Tawerengani pamwambapo."

"Okondedwa Bambo kapena Mayi..."

"Eya. Ndiye ine ndine uti pamenepo? Bambo kapena mayi? Simunafufute n'kumodzi komwe."

Ndinayang'ana. Zinali zoona. Pothamangira kudzaza mayina ndinaiwala kufufuta. Azakhali anabisa kamwa m'nsalu, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akutsokomola.

"Kumeneko ndi kulakwitsa kwa dzanja, amalume, pepani."

"Za dzanja zilibe kanthu. Werengani pansipo."

Sindinawerenge. Ndinkaudziwa mzerewo pamtima.

Amalume anaika dengu pambali. Analankhula mosakweza mawu, akuyang'ana kumsewu. "Maso angawa zilembo zazing'ono sakuziona. Mayi uja anandipeza pa shedi ya kusikimu, tikudikira msonkhano wa kalabu yathu. Ine pomva kuti kalata yachokera kwa mwana wanga, ndinapatsa mlembi wa kalabu kuti awerenge mokweza, anzanga amve kuti kwathu kuli ukwati. Anawerenga bwino ndithu. Atafika pa amene sangathe asadandaule, anthu onse anayang'ana pansi. Wina anatsokomola. Pa sikimu ponse palibe amene sadziwa kuti puloti yanga chaka chino walima wina. Ine ndimayenda ngati sakudziwa, iwonso amandipatsa moni ngati sakudziwa. Kalata yanu ndi imene inabwera kudzanena poyera."

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Koma ine ndikachita manyazi ndimapsa mtima, ndi mmene ndinabadwira.

"Amalume, mzere umenewo ndinalembera inuyo! Ndinkafuna musavutike mumtima. Ndinadziwa mmene zinthu zilili pakhomo pano. Nanga mumafuna ndilembe chiyani? Ndikulamuleni ngati mwana wa sukulu?"

"Eya."

Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

"Eya, ukanandilamula," anabwereza, ndipo ndinamva kuti inu uja wagwa, wabwerera iwe. "Kupempha umapempha munthu wakunja. Mwini golosale umupemphe, mphunzitsi mnzako umupemphe, ndipo umuuze ndithu kuti sukumukakamiza, chifukwa ukwati si wake. Koma ine? Ukundipempha modzichepetsa kuti ngati mtima wanga wakhudzidwa ndikugwire mkono pa ukwati wa mwana wanga? Ukwatiwu ndi wa yani? Walemba kuti mng'ono wanga, mng'ono wanga. Wamutenga mwanayo wamuika m'thumba mwako, ife tonse watiimika kunja kwa mpanda, n'kutiuza mwaulemu kuti tikhoza kupita kwathu osadandaula."

Apo m'pamene ndinamvetsa kambale ka nyemba ka amayi aang'ono kaja. Sikuti anali ouma manja. Ndinawalembera ngati alendo, iwo anandiyankha ngati alendo.

Amalume anapitiriza, tsopano akumwetulira pang'ono. "Mayi ako, iwe utasankhidwa kupita ku sekondale, anafika pano thukuta lili kamukamu. Sanakhale n'pansi pomwe. Anangoima apo pali mtondopo n'kunena kuti, 'Achimwene, mwana wanu wasankhidwa. Fizi ikufunika Lolemba.' Basi, n'kutembenuka. Ine m'nyumba munalibe ndi tambala yomwe. Koma tsiku limenelo ndinayenda m'mudzi muno ngati ndavala nsapato zatsopano. Mlongo wanga sanandifunse ngati ndingathe. Ankadziwa kuti ndine mlongo wake."

Ndinalira, ndisabise. Ndinatsika pampando wa alendo uja n'kukakhala pamphasa pambali pa azakhali, ndipo palibe anandiletsa.

Patapita kanthawi amalume anati, "Cholembera uli nacho? Mphunzitsi sayenda wopanda cholembera. Tembenuza pepala lakolo, ulembe kumbuyo. Ya abwenzi ija isiye, ili bwino, wailemba mwanzeru. Iyi ndi ya abale, ndipo ikuchokera kwa ine."

Ndinatembenuza kalata yanga yokongola ija n'kuika pabondo. Iwo analankhula pang'onopang'ono, ine ndikulemba:

"Mwana wanu uja, wa malemu mlongo wanga, wapeza banja. Ukwati ndi wa ku Mua, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Moto ndayatsa kale. Bwerani tisonkhe."

Ndinadikira, cholembera chili m'mwamba. "Kenako?"

"Kenako chiyani? Yatha."

"Amalume, mulibe mawu opempha ngakhale amodzi. Simunatchule ndi chomwe tikufuna."

"Alimo. Werenga mawu achiwiriwo."

Ndinawerenga. Wanu.

"Munthu ukamuuza kuti mwana ndi wake, zotsalazo amawerengera yekha," anatero. "Akudziwa kuti pa ukwati pamadyedwa chiyani, si ana. Ndipo usakataipitse. Ulembe ndi dzanja, aliyense yake, pamwamba umutchule mmene umamutchulira mukakumana. Ndikapereka ndekha, miyendo ndili nayo."

Kusonkha komwe ine ndinakukana kuti kukununkha msonkho, iwo anangokuika pafupi ndi moto, fungo lonse n'kutha. Ine ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi sindinaganizeko zimenezo m'masabata awiri athunthu.

Ndinaona ngati nkhani yatha bwino, ndipo ndinayamba kupinda pepala. Koma amalume anawongola msana n'kundiyang'ana m'maso.

"Tsopano nena. Ine ndibweretse chiyani?"

Ndinayang'ana khola lopanda kanthu. Ndinayang'ana pakhoma pomwe pankatsamira njinga. "Amalume, inu kungobwera kokha, n'kudzaima kumbuyo kwa mwana..."

"Wayambanso."

"Koma amalume..."

"Wayambanso, aphunzitsi."

Ndinatembenukira kwa azakhali kuti andithandize. Iwo anangondigwedezera mutu pang'ono, ngati akunena kuti nena, mwana iwe. M'moyo mwanga ndalankhulapo pamaso pa oyendera sukulu, ndalankhulapo pamaliro, koma sindikumbuka mawu ena amene anandilemera pakamwa ngati amenewa. Ndinaumitsa mawu mmene ndimachitira m'kalasi.

"Mpunga thumba limodzi. Woyera, wochokera kale kuchigayo. Ufike ku Mua Lachisanu, ophika asanayambe."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Anamenya bondo n'kuuza azakhali, "Wamva? Mayi ake enieni!" Kenako anandifunsa kuti nanga ndabweretsa chiyani, popeza ndabwera manja lendelende ngati mlendo wa boma.

M'minibasi pobwerera sindinasangalale ayi. Mng'ono wanga anali atapezanso nkhoswe wake, inde, koma ine ndinali nditalamula thumba la mpunga kwa munthu wokalamba wopanda munda. Kangapo konse m'miyezi yotsatirayo ndinaganiza zogula thumba mwakabisira n'kutumiza kwa azakhali. Nthawi zonse ndinkakumbuka mpando wa alendo uja, n'kuleka.

Makalata a dzanja aja anagwira ntchito yomwe fotokope inalephera. Amayi aang'ono a ku Mua anabwera okha kudzandikalipira kuti bwanji komiti ikukumana iwo osaitanidwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo za kukhitchini zonse analanda. Asuweni a ku Bwanje analonjeza mbuzi. Ena anabwera ndi maganizo ambiri kuposa ufa, koma abale ndi choncho, ndipo pakhomo panayamba kumveka phokoso la ukwati weniweni. Wapampando wa komiti uja anandifunsa kuti ndawalembera chiyani anthu amenewa. Nditamuonetsa mizere inayi ija anaitembenuza kuti aone ngati kumbuyo kuli nambala.

Lachisanu la sabata ya ukwati tinasonkhana kwa amayi aang'ono, komwe kunali kophikira. Chakumasana amalume anatsika pa ngolo ya munthu wina, thumba lili pambali pawo, azakhali atakhala pamwamba pa katundu. Anakana kuti wina awathandize kutsitsa. Popereka moni ndinamva kuti chikhatho chawo chakhakhala ngati khungwa la mtengo, ndipo jekete yomwe anavala pa chinkhoswe inali ikulendewera m'mapewa.

Amayi ophika anamasula thumba kuti ayambe kusankha mpunga. Sipanatenge nthawi, mmodzi wa iwo, mayi wa kwaya wosadziwa kunong'ona, anakuwa ali ndi mpunga m'manja.

"Koma abale, mpunga uwu wabweretsa ndani? Mitundu itatu m'thumba limodzi: faya momwemo, kilombero momwemo, pusa momwemo! Uwu supsa pamodzi, wina ukhala phala wina uli wauwisi. Anachita kutola pamsika kapena?"

Azakhali anandikoka chitenje n'kupita nane kuseri kwa nkhokwe. Anandiuza motsitsa mawu kuti kuyambira Meyi mpaka Juni amalume ankadzuka ndi chikwakwa kukagwira ganyu yomweta ndi kupuntha mpunga m'mapuloti a anthu. Ndalama ankakana, ankati awalipire mpunga womwewo, pano ndowa, apo theka la ndowa, aliyense mtundu womwe analima. "Kilombero ukumuonayo," anatero azakhali, "ndi wa pa puloti yawo yomwe. Anakagwira ganyu kwa munthu anabwereka uja, masiku anayi."

Ndinaima kuseri kwa nkhokweko mpaka maso anauma. Nditabwerera ndinapeza amayi aja akukambirana zoti mpungawo auike padera, udzaphikidwire ana ndi anthu obwera mochedwa. Ndinawauza kuti umenewo ndiwo upite patebulo la akwati ndi ankhoswe, ndipo ngati kupsa kwake n'kovuta, ausankhe njere imodziimodzi, nthawi ilipo. Mayi wa kwaya uja anandiyang'ana nkhope n'kuyamba kusankha mpungawo.

Amalume anali atakhala pa benchi pansi pa mtengo, chipewa chili pabondo, akuyang'ana anthu akupita uku ndi uku. Sindikudziwa ngati anamva mawu a mayi uja. Atandiona anandikodola.

"Iwe, wafika mpunga uja. Wakwana?"

Mawu anadzaza m'kamwa mwanga, ofewa okhaokha. Ndinafuna kunena kuti amalume simukanadzivutitsa chonchi, tikanamvetsa, pepani, ndinalakwa kukulamulani. Onse anali oona, ndipo onse anali abale ake a mzere uja ndinaukonda kwambiri. Ndinawameza.

"Wakwana, amalume," ndinatero. "Koma nkhuni zachepa."

Anadzuka nthawi yomweyo, kuvala chipewa, n'kulunjika komwe asuweni anga aamuna anakhala akucheza. Ndili pomwepo ndinawamva akukuwa, mawu awo akale aja, kufunsa kuti kodi anthu akuluakulu angakhale bwanji manja ali m'thumba pamene pa ukwati wa mwana wawo palibe nkhuni.